Mayere pa kafukufuku wa zaumoyo: chifukwa chake amayi ndi abambo amakhala ndi mndandanda wosiyana

Munthu akavomera kulowa nawo m'kafukufuku woyesa mankhwala, katemera kapena chakudya chatsopano, funso lomwe amayamba kufunsa ndi lakuti kodi iyeyo alandira chatsopanocho kapena ayi. Yankho la namwino limadabwitsa ambiri. Iye amanena kuti naye sakudziwa, ndipo alibe mphamvu yosankha, chifukwa chomwe chimagamula nkhaniyi ndi mayere.

Pa kafukufuku wotere anthu amagawidwa m'magulu awiri. Gulu loyamba limalandira chinthu chomwe chikuyesedwa, pamene lachiwiri limalandira thandizo la masiku onse kapena chinthu chongofanana ndi mankhwalawo koma chopanda mphamvu. Gulu lachiwirili ndi loyerekezera. Pamapeto pake ofufuza amaona kusiyana kwa magulu awiriwa, ndipo kusiyanako ndiko kumawauza ngati chatsopanocho chikugwira ntchito. Koma kusiyanako kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati maguluwo anali ofanana pa chiyambi. Gulu lina likadzaza anyamata amphamvu, lina n'kudzaza agogo odwaladwala, palibe angadziwe ngati chachiritsa ndi mankhwala kapena unyamata.

Anthu akachuluka, mayere paokha amagawa bwino. Vuto limabuka kafukufuku akakhala wa anthu ochepa, monga 20, 30 kapena 40, chifukwa pamenepo mayere achilungamo omwewo akhoza kupendeketsa magulu. N'chifukwa chake ofufuza amayamba apatula amayi paokha ndi abambo paokha, achinyamata paokha ndi achikulire paokha, kenako n'kuchita mayere m'chigawo chilichonse.

Chifukwa chake dokotala sasankha

Dokotala kapena namwino ndi munthu, ndipo ali ndi chifundo. Akakhulupirira kuti mankhwala atsopano ndi abwino, mtima wake umamukokera kuti apereke mankhwalawo kwa wodwala yemwe akumumvera chisoni kwambiri. Wina amachita mosiyana: poopa kuti mankhwalawo angavulaze wofooka, amawapereka kwa omwe akuoneka amphamvu. Onse awiriwa sakufuna kubera, koma onse aipitsa kafukufuku. Woyamba wachititsa kuti mankhwala aoneke ofooka popeza apita kwa odwalitsitsa, ndipo wachiwiri wachititsa kuti aoneke amphamvu kuposa momwe alili.

Pali njira zina zomwe zimaoneka ngati mayere koma si mayere. Ina ndi yosinthanitsa, kuti wobwera koyamba apite m'gulu loyamba, wachiwiri m'gulu lachiwiri, wachitatu abwererenso m'gulu loyamba. Ina ndi yotengera tsiku, kuti obwera Lolemba alandire mankhwala ndipo obwera Lachiwiri asalandire. Kuipa kwa njirazi n'kwakuti wolemba anthu amadziwiratu komwe munthu wotsatira apite. Akadziwa, akhoza kumudikiritsa munthuyo pa benchi kuti wina alowe kaye, kapena kumuuza kuti abwere mawa. Zikatero kusankha kwa munthu kwalowanso, ngakhale papepala pakuoneka ngati panali dongosolo.

Ubwino wa mayere enieni ndi wakuti sayang'ana nkhope. Sagawa zinthu zokhazo zomwe ofufuza akuzidziwa, monga zaka ndi kulemera kwa thupi, komanso zomwe sakuzidziwa, monga matenda obisika, chibadwa ndi zakudya za kunyumba. Palibe njira ina yomwe imatha kugawa mopanda tsankho zinthu zomwe palibe waziyeza.

Kafukufuku wa mu 1948

Ganizo logawa mwa mayere linatchuka kudzera ku ulimi. Katswiri wa masamu Ronald Fisher, yemwe ankagwira ntchito pamalo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku Mangalande m'zaka za m'ma 1920, ankaligwiritsa ntchito posankha timinda tolandira feteleza wosiyanasiyana. Iye ankayamba waika pamodzi timinda ta nthaka yofanana, kenako n'kuchita mayere pakati pa timindato.

Ku zachipatala, kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri ndi wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1948. Bungweli linkayesa mankhwala a sitireputomaisini pa odwala chifuwa chachikulu. Mankhwalawa anali atsopano ndipo m'dzikomo munali ochepa kwambiri moti sakanakwanira odwala onse. Odwala 107 ndiwo anawerengedwa m'kafukufukuyu. Mwa iwo, 55 analandira mankhwalawa pamodzi ndi kugona m'chipatala, pamene 52 anangogonekedwa, lomwe linali thandizo la nthawi imeneyo.

Momwe ofufuzawo anasamalira za zaka ndiponso za amuna ndi akazi ndi phunziro mpaka lero. Pa nkhani ya zaka anatseka khomo, n'kumalandira odwala a zaka zapakati pa 15 ndi 30 okha. Pa nkhani ya amuna ndi akazi, katswiri wa masamu Austin Bradford Hill anakonza mndandanda wa mayere wa amuna paokha ndi wa akazi paokha pa chipatala chilichonse chomwe chinkachita nawo kafukufukuyu. Mindandandayo inaikidwa m'maenvulopu omata, ndipo kunja kwake kunalembedwa dzina la chipatala ndi nambala basi. Envulopu inkatsegulidwa ku ofesi yaikulu wodwala atavomerezedwa kale kuti ndi woyenera, motero madokotala omwe ankasankha odwala sankadziwa komwe wodwalayo agwere. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, odwala 4 mwa 55 omwe analandira mankhwala anali atamwalira, poyerekeza ndi 14 mwa 52 a gulu linalo.

Mayere akapendekeka

Kuti zimveke bwino chifukwa chake Hill anapatula amuna ndi akazi, chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Ophunzira za kadyedwe akufuna kuyesa ngati phala latsopano lothiramo michere limawonjezera magazi m'thupi. Apeza anthu 24 okha, amayi 12 ndi abambo 12. Theka la anthuwa lidzidya phala latsopanoli, lomwe ndi gulu A, ndipo theka linalo lidzidya phala la masiku onse, lomwe ndi gulu B. Pakatha miyezi itatu onse ayezedwa magazi.

Njira yophweka ndi yoponya ndalama yachitsulo m'mwamba munthu aliyense akafika. Ambiri amaganiza kuti zikatero magulu atuluka 12 ndi 12, koma masamu amakana. Mwayi woti atuluke ofanana ndendende ndi maulendo 16 okha mwa 100 aliwonse. Ndipo maulendo pafupifupi 15 mwa 100 gulu limodzi limakhala ndi anthu 16 kapena kuposerapo, linalo n'kutsala ndi 8 kapena ocheperapo.

Pofuna kupewa zimenezi, ofufuzawo akhoza kulemba maina onse 24 pa timapepala, kutisakaniza m'chipewa, n'kutola 12. Apa kukula kwa magulu kwafanana, koma za amayi ndi abambo sizinathe. Mwayi woti gulu lililonse likhale ndi amayi 6 ndi abambo 6 ndi maulendo 32 mwa 100. Maulendo 22 mwa 100, kutanthauza kamodzi pa maulendo asanu aliwonse, gulu limodzi limatenga amayi 8 kapena kuposerapo, linalo n'kutsala ndi 4 kapena ocheperapo. Palibe wabera, chipewa chasakanizidwa bwino, koma magulu apendekeka.

Kupendekeka kumeneku n'kovuta chifukwa magazi a amuna ndi a akazi safanana mwachibadwa. Mlingo wa magazi umayezedwa poona magalamu a himogulobini m'desilita imodzi ya magazi, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwamuna ali ndi magazi ochepa akatsika pansi pa magalamu 13, pamene kwa mayi yemwe si woyembekezera malire ake ndi 12. M'chitsanzochi, abambo onse akhale pa 13 ndipo amayi onse akhale pa 11, komanso phala latsopanolo likhale lopanda ntchito iliyonse. Gulu A likatenga abambo 8 ndi amayi 4, mlingo wake wapakati ukhala 12.3. Gulu B, lomwe latsala ndi abambo 4 ndi amayi 8, likhala pa 11.7. Woona manambala awiriwa anena kuti phalalo lawonjezera magazi ndi kupitirira theka la galamu, chonsecho silinachite kanthu. Zikanakhala kuti amayi ndiwo achuluka m'gulu A, phala labwino likanaoneka lopanda pake n'kutayidwa.

Anthu akachuluka vutoli limachepa lokha. Kafukufuku akakhala wa anthu 2,400, theka lawo amayi, chiwerengero cha amayi m'gulu A chimagwera pakati pa 576 ndi 624 pafupifupi maulendo 95 mwa 100 aliwonse, komwe n'kuyandikira kwambiri 600. Choncho kupatula anthu m'zigawo n'kofunika kwambiri pa kafukufuku wamng'ono kusiyana ndi wamkulu.

Zigawo zinayi, mindandanda inayi

Ofufuza a phala aja aganiza zosamala zinthu ziwiri, kuti munthu ndi mayi kapena bambo, komanso kuti wafika zaka 40 kapena ayi. Zimenezi zikupereka zigawo zinayi: amayi osafika zaka 40, amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo, abambo osafika zaka 40, ndi abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo.

Anthu onse akakhala kuti akudziwika kale tsiku loyamba, monga zimakhalira ndi ana a m'kalasi imodzi, ntchito ndi yochepa. Pamafunika zipewa zinayi, chigawo chilichonse chipewa chake, ndipo m'chipewa chilichonse amatolamo theka la maina kupita ku gulu A. Koma ku chipatala anthu sabwera tsiku limodzi. Lero kubwera mmodzi, mawa awiri, sabata yamawa atatu, ndipo aliyense ayenera kupatsidwa gulu tsiku lomwe wafika. Apa ndi pomwe ofufuza amagwiritsa ntchito mitolo.

Mtolo ndi kagulu ka malo owerengeka momwe theka ndi A ndipo theka ndi B. Mtolo wa malo anayi umakhala ndi ma A awiri ndi ma B awiri, ndipo zilembo zinayizi zingasanjidwe m'njira zisanu ndi imodzi zokha. Yoyamba ndi AABB, yachiwiri ABAB, yachitatu ABBA, yachinayi BAAB, yachisanu BABA, ndipo yachisanu ndi chimodzi ndi BBAA. Popeza dayisi yosewerera nayo ili ndi mbali zisanu ndi imodzi, kuiponya kamodzi kumasankha mtolo umodzi. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi kompyuta, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Munthu yemwe sadzakumana ndi odwala, kawirikawiri katswiri wa masamu, ndiye amakonza mindandanda inayi kafukufuku asanayambe. Popeza sakudziwa kuti chigawo chilichonse chidzalandira anthu angati, amakonza malo ochuluka, monga mitolo itatu pa chigawo, omwe ndi malo 12. Mayi wa zaka 27 akafika, amatenga malo oyamba opanda munthu pa mndandanda wa amayi osafika zaka 40. Bambo wa zaka 52 akafika pambuyo pake, sakhudza mndandanda umenewo, amapita pa wake.

Pa mndandanda wa amayi osafika zaka 40 dayisi inagwa pa 3 kenako pa 5, zomwe zikupereka ABBA ndi BABA. Amayi otere anabwera 8, motero 4 anapita ku A ndipo 4 ku B. Kwa amayi achikulire dayisi inagwa pa 6, yomwe ndi BBAA, ndipo anabwera 4, awiri uku awiri uko. Kwa abambo achikulire inagwa pa 4 ndi pa 5, yomwe ndi BAAB ndi BABA. Anabwera 6, kutanthauza kuti mtolo woyamba unadzaza, wachiwiri n'kulowamo awiri, B ndi A, choncho anagawikana atatu atatu. Kwa abambo osafika zaka 40 inagwa pa 2 ndi pa 1, yomwe ndi ABAB ndi AABB. Nawonso anabwera 6, koma awiri omalizawo anagwera pa AA, ndipo kalembera anatsekedwa ma B asanafikidwe. Chigawo chimenechi chinatha ndi anthu 4 ku A ndi 2 ku B.

Pophatikiza zonse, gulu A lili ndi anthu 13, amayi 6 ndi abambo 7, pamene gulu B lili ndi 11, amayi 6 ndi abambo 5. Sanafanane ndendende, koma ayandikana. Phala lopanda ntchito lija tsopano lipereka mlingo wa 12.1 ku A ndi 11.9 ku B, kusiyana kochepa poyerekeza ndi kuja kwa 12.3 ndi 11.7. Ndipo pali malire omwe sangadumphidwe: ndi mitolo ya malo anayi, chigawo chimodzi sichingapendekeke ndi anthu oposa awiri nthawi ina iliyonse.

Zigawo zikachulukitsa

Zomwe zinachitika kwa abambo achinyamata aja zikuonetsa pomwe njirayi imafookera. Mtolo umalinganiza magulu ukadzaza. Chigawo chilichonse chikhoza kutha ndi mtolo wosadzaza, ndipo zigawo zikachuluka mitolo yosadzaza imachulukanso.

Wofufuza wongoyamba kumene amakopeka kuti asamale zonse. Amafuna kupatula amayi ndi abambo, magawo atatu a zaka, ndiponso midzi inayi yomwe anthuwo akuchokera. Ziwiri kuchulukitsa ndi zitatu, kuchulukitsanso ndi zinayi, zikukwana zigawo 24. Pa anthu 24, zigawo zambiri zikhala ndi munthu mmodzi kapena awiri, zina osalandira ndi mmodzi yemwe. Munthu yemwe ali yekha m'chigawo amangotenga chilembo choyamba cha mtolo, chomwe chingakhale A kapena B mofanana. Zikatero wofufuzayo wabwerera ku ndalama yachitsulo ija, atawononga nthawi ndi mapepala. N'chifukwa chake pa kafukufuku wamng'ono amasankha chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha.

Chosankhidwacho chiyenera kukwaniritsa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti chikhale chokhudzadi chomwe chikuyezedwa. Pa nkhani ya magazi, kupatula amayi ndi abambo kuli ndi chifukwa chomveka. Pa kafukufuku wa kuthamanga kwa magazi, zaka ndizo zimalemera kwambiri popeza vutoli limakula ndi msinkhu. Kupatula anthu potengera zaka chabe chifukwa chakuti ena onse amatero sikuwonjezera kanthu. Nthawi zina chinthu chabwino kupatulira si zaka kapena kuti ndi mayi kapena bambo, koma mlingo wa matendawo pa chiyambi. Mfundo yachiwiri ndi yakuti chinthucho chidziwike bwino munthu asanapatsidwe gulu. Zaka zimaoneka zosavuta, koma pali achikulire omwe sadziwa chaka chenicheni chomwe anabadwa, choncho ofufuza amagwirizana pasadakhale kuti adzatengera chiphaso cha unzika kapena buku la kuchipatala. Amagwirizananso za malire, kuti munthu wa zaka 40 ndendende agwera mbali iti, kuopa kuti namwino aliyense angamaganize zake.

Pomwe zinthu zofunika kusamala zili zambiri koma anthu ndi ochepa, pali njira ina yomwe akatswiri anaifotokoza mu 1974 ndi 1975. Munthu watsopano akafika, kompyuta imawerenga kuti ndi gulu liti lomwe likuperewera anthu onga iyeyo, n'kumupatsa mwayi waukulu wopita kumeneko, koma osachotseratu mayere. Njirayi imafuna kuti mbiri ya onse olowa kale ikhale pamalo amodzi nthawi zonse.

Chinsinsi cha envulopu

Mndandanda wokonzedwa bwino umakhala wopanda ntchito wolemba anthu akaudziwa. Mitolo ya malo anayi ili ndi chofooka pamenepa. Namwino yemwe akudziwa kukula kwa mtolo, ndipo akuona phala lomwe aliyense walandira, akhoza kuwerengera. Akaona A, B, B, wadziwa kuti wachinayi ndi A. Akaona A kawiri koyambirira, wadziwa kuti awiri otsatira ndi B. M'chigawo chaching'ono kuwerengera kotere n'kosavuta, ndipo kudikiritsa munthu pa benchi kuja kwapezanso mpata.

Pofuna kutseka mpatawu, ofufuza sauza ogwira ntchito kukula kwa mitolo, ndipo amasakaniza mitolo ya malo anayi ndi ya malo asanu ndi limodzi mwa mayere. Ngati n'kotheka amaika phala lonse m'mapaketi ofanana okhala ndi nambala zokha, kuti namwino ngakhalenso wodya asadziwe lomwe lili mkati. Ena amasiya mndandanda m'manja mwa wosunga mankhwala, kapena ku ofesi yakutali komwe namwino amaimba foni atalemba kale munthuyo.

Komwe maenvulopu akugwiritsidwabe ntchito, pali malamulo ake. Envulopu ikhale yosaonekera mkati, yomata, ndiponso yokhala ndi nambala yotsatizana. Chigawo chilichonse chikhale ndi mulu wake wolembedwa moonekera. Munthu ayambe wayezedwa kuti ndi woyenera, wafotokozeredwa zonse, wasaina chilolezo, ndipo dzina kapena nambala yake ndi tsiku zilembedwe pa envulopuyo isanatsegulidwe. Malamulowa sanabwere chabe. Katswiri wina wa ku America, Kenneth Schulz, analemba mu 1995 zomwe ofufuza ena anaulula, kuphatikizapo kuunika maenvulopu pa nyali yowala kuti aone zamkati, ndiponso kutsegula angapo nthawi imodzi. M'chaka chomwecho iye ndi anzake atasanthula kafukufuku 250 anapeza kuti komwe mndandanda sunabisidwe bwino, mankhwala ankaoneka amphamvu kwambiri kusiyana ndi komwe unabisidwa.

Zolakwika zosachita kufuna zimachitikanso. Namwino wotopa akhoza kutenga envulopu ya mulu wa achinyamata pothandiza mayi wa zaka 45. Zikachitika, envulopuyo sibwezedwa ndipo ina sitsegulidwa. Mayiyo amakhala m'gulu lomwe wagweralo, ndipo cholakwikacho chimalembedwa m'buku. Kulola kuti mayere abwerezedwe kumapereka njira yoti aliyense wosakondwa ndi zotsatira anene kuti panalakwika.

Momwe munthu angazindikirire

Pali malo angapo omwe wowerenga lipoti la kafukufuku angayang'ane. Malangizo a CONSORT, omwe anatuluka koyamba mu 1996 ndipo magazini ambiri a zachipatala amawatsatira, amafuna kuti ofufuza anene momwe mndandanda unapangidwira, ngati panali zigawo ndi mitolo, yemwe anaukonza, yemwe ankalemba anthu, ndiponso momwe unabisidwira. Lipoti lomwe langonena kuti anthu anagawidwa mwa mayere popanda kufotokoza zimenezi lasiya funso lalikulu losayankhidwa.

Kawirikawiri tebulo loyamba la lipoti limaonetsa magulu awiriwo momwe analili pa chiyambi. Ngati ofufuza akuti anapatula amayi ndi abambo pogwiritsa ntchito mitolo ya malo anayi, koma tebulolo likuonetsa amayi 9 ku A ndi 3 ku B, pali china chomwe chinalakwika. Ndi zigawo ziwiri za amayi, kusiyana sikungapitirire anthu anayi. Woyang'anira kafukufuku amaonanso ngati masiku olembedwa pa maenvulopu akutsatizana ndi manambala ake. Envulopu ya nambala 7 ikapezeka kuti inatsegulidwa ya nambala 6 isanatsegulidwe, pafunika kufunsa chifukwa.

Chinanso ndi kuwerenga anthu. Olowa m'mayere akakhala 24, lipoti liyenera kunena za onse 24, kuphatikizapo omwe anasiya kudya phalalo kapena anasamuka. Munthu amawerengedwa m'gulu lomwe mayere anamuika, ngakhale sanatsatire malangizo. Kuchotsa omwe phala linawatsegula m'mimba n'kusiya omwe linawayanja kumaphwasula kufanana komwe mayere anamanga. Powerengera zotsatira, ofufuza ayeneranso kuganizira zigawo zija, kuyerekeza amayi ndi amayi anzawo komanso abambo ndi abambo anzawo asanaphatikize, chifukwa m'menemo ndi momwe phindu la kupatula limaonekera mokwanira.

Zomwe njirayi singathe

Kupatula anthu m'zigawo kumalinganiza zinthu zokhazo zomwe zasankhidwa. M'chitsanzo cha phala, malungo, njoka za m'mimba ndi zakudya za kunyumba zonse zimakhudza magazi, ndipo zasiyidwa m'manja mwa mayere. Pa anthu 24 zikhoza kupendekeka monga momwe amayi ndi abambo akanapendekekera. Njirayi sisandutsa kafukufuku wamng'ono kukhala wamkulu. Komanso kukhala ndi amayi 6 mbali iliyonse sikupereka mphamvu yonena kuti phalalo limathandiza amayi kuposa abambo, popeza anthu 6 ndi ochepa kwambiri kuti ayankhe funso lotere. Ntchito ya kafukufuku wamng'ono kawirikawiri ndi kuona ngati njirayo ikutheka ndiponso ngati pali chifukwa chochitira wamkulu.

Pali chinthu chimodzi chomwe chasintha kuchokera mu 1948. Odwala a m'gulu loyerekezera pa kafukufuku wa chifuwa chachikulu uja sanauzidwe kuti ali m'kafukufuku. Lero zotere siziloledwa. M'dziko muno kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amayamba waunikidwa ndi makomiti monga NHSRC ya pansi pa Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo momwe anthu adzagawidwire ndi mbali ya ndondomeko yomwe ofufuza amapereka ku makomitiwa.

Wolowa m'kafukufuku ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chomwe amamva kuti gulu lake lisankhidwa mwa mayere, kuti mwayi wake wogwera mbali iliyonse ndi wotani, ndiponso chomwe gulu loyerekezera lilandire. Ali ndi ufulu wokana kapena wotuluka nthawi ina iliyonse popanda kutaya thandizo lomwe amalandira pa chipatalapo. Chomwe sangachite ndi kusankha gulu, ndipo namwino akamufunsa zaka zake asanatenge envulopu, sikuti akumusankhira. Akungofuna kudziwa mulu womwe envulopuyo ichokere.